Ana anga akuthera nthawi pa ndime yoyamba

Mphunzitsi wa ku Kanyama: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Lachiwiri ndinapatsa ana anga a Giredi 11 chimangirizo cha mtsutso: ndime zinayi, mphindi 40, piriyodi imodzi basi. Mutu unali wakuti "Ogulitsa malonda m'mbali mwa misewu achotsedwe m'tauni ya Lusaka". Belu litalira, ambiri anali asanatsirize ndime yachitatu. Ndime yoyamba ndiye theka la tsamba, kundifotokozera kuti wogulitsa malonda ndi ndani, ngati sindidutsa pa msika wa Soweto tsiku lililonse. Mathero panalibe. Kodi ndiziwaonjezera nthawi?

Amayi a ku Chilenje: Musaonjezere, achimwene, m'mayeso palibe amene adzawaonjezere. Si kuti dzanja lawo limachedwa ayi. Mwana amayamba kulemba asanasankhe mbali, ndiye amazungulira pa ndime yoyamba akuyembekeza kuti maganizo amupeza panjira. Umboni wake ndi uwu: werengani chiganizo chotsiriza cha ndime yoyambayo. Ngati simungadziwe kuti akuvomera kapena akukana, anayamba alibe pulani.

Kwa ine, mphindi 6 zoyamba palibe wolemba chiganizo. Pakona pa pepala amangolemba "inde" kapena "ayi", mfundo ziwiri, ndipo pafupi ndi mfundo iliyonse chitsanzo chimodzi chimene anaona ndi maso. Pa mutu wanuwo, wosankha "inde" alembe kuti: ukhondo, kolera ya 2018, masukulu anachedwa kutsegula; chachiwiri, ngozi, oyenda pansi amakankhidwira mumsewu wa Lumumba. Mfundo imene wasowa chitsanzo chake aitaye pompo, chifukwa imeneyo ndi imene idzamuimitse pakati pa ndime atagwira tsaya.

Kenako mphindi 5 ndime yoyamba, ziganizo zitatu zokha, chachitatucho chinene mbali yake. Ndime ziwiri zapakati mphindi 10 iliyonse, mathero 5, ndipo 4 zotsalazo awerenge zimene walemba.

Abambo a ku Matero: Koma Amayi, kusankha mbali imodzi si kukondera? Ine ndimawauza kuti ndime yachiwiri ubwino, yachitatu kuipa, pomaliza owerenga asankhe okha.

Amayi a ku Chilenje: Zimenezo n'za mutu umene ukuti "fotokozani ubwino ndi kuipa". Uwu ukuti achotsedwe, ndiye mwana ayime penapake. Komabe pali pamene mwalondola: mbali inayo isasowe. Ndime yachitatu ndimafuna iyambe ndi mawu a wotsutsa, monga "Ena amati mayi wogulitsa tomato akachotsedwa, ana ake agona ndi njala". Avomereze kuti n'zoona, kenako ayankhe kuti apatsidwe malo mumsika asanachotsedwe, n'kulowa m'mfundo yake yachiwiri.

Mphunzitsi wa ku Mtendere: Apo ndiye sindikugwirizana nanu, Amayi. Mphindi 10 kuti anene za wotsutsa, ayankhe, aikenso mfundo yake? Ndinayesa chaka chatha. Ana ofooka amalemba mbali ya wotsutsa mokoma kwambiri, poti amayi awo ndi amene amagulitsa tomatoyo, nthawi n'kutha asanayankhe. Chimangirizo chimayamba ndi "achotsedwe" n'kuthera pa "asachotsedwe". Ine wotsutsa ndimamupatsa chiganizo chimodzi m'mathero, basi.

Amayi a ku Chilenje: Mwana ameneyo analakwitsa pa pulani. Ngati mtima wake ndi zitsanzo zake zili kwa ogulitsa, akanalemba "ayi" pakona paja. Malikisi sitipereka chifukwa wagwirizana ndi khonsolo.

Mphunzitsi wa ku Mtendere: Zoona, koma ndikakamirabe kuti ndime yachitatuyo mwaisenzetsa katundu wambiri.

Abambo a ku Matero: Anga amaloweza chiyambi chimodzi, chija cha "Padziko lonse lapansi anthu amasiyana maganizo", n'kumachiika pa mutu uliwonse. Nthawi imapulumuka ndithu, koma ndikachiwerenga ka 50 mutu umandiwawa.

Mphunzitsi wa ku Kanyama: Nanga amene wachedwa kale? M'kalasi mwanga mulibe wotchi, ndipo ikakwana mphindi ya 30 ena amakhala akadali pa ndime yachiwiri.

Amayi a ku Chilenje: Masabata oyamba lembani pabolodi 6, 11, 21, 31, 36, muzifufuta nambala iliyonse nthawi yake ikakwana, osalankhula. Lamulo langa ndi limodzi: 31 ikafufutika, tsiriza chiganizo chimene uli nacho, dumpha mizere isanu, lemba mathero. Nthawi ikatsala abwerere kudzadzaza mpatawo. Ndime yachitatu yaifupi imadya malikisi ochepa, koma chimangirizo chopanda mathero chimaoneka choduka mchira ngakhale kwa wochonga wotopa.

Mphunzitsi wa ku Kanyama: Lachinayi ndiyesa pulani yokhayo, mitu itatu, mphindi 6 uliwonse, osalemba chimangirizo. Za ndime yachitatu ndigawa kalasi pawiri, theka njira ya Amayi, theka ya ku Mtendere, ndidzakuuzani mmene mapepala atulukire.