Webhook ya malipiro ikufika kawiri, ndalakwitsa pati?

Moni nonse. Ndathodwa ndi webhook yomwe imalandira uthenga wa malipiro. Dzulo uthenga umodzi unafika kawiri, motalikirana masekondi 30, ndipo oda imodzi inalembedwa kuti yalipiridwa kawiri.

Chifukwa chake ndachipeza mu log. Seva yanga imayamba yatumiza risiti pa imelo isanayankhe 200, ndiye imachedwa. Wotumiza uja akadikira osamva yankho, amayesa kuti uthenga sunafike n'kubwerezanso. Sindikumuda, chifukwa malipiro kusowa n'koipa kuposa kufika kawiri.

Ndamva kuti mankhwala ake ndi idempotency key: uthenga uliwonse uli ndi nambala yakeyake yomwe sisintha ngakhale ubwerezedwe, ndiye nambalayo ukaionanso, umangoyankha 200 osagwiranso ntchito. Ndinachita zimenezo, SELECT kaye kuona ngati event_id ilimo, kenako INSERT. Koma nditayesa kutumiza awiri nthawi imodzi, onse anapeza kuti mulibe, onse n'kudutsa.

Pano ndikuganiza zoika UNIQUE pa event_id mu PostgreSQL n'kulemba motere:

```sql
INSERT INTO processed_events (event_id)
VALUES ($1) ON CONFLICT DO NOTHING;
```

Mzere ukapanda kulowa, ndidziwa kuti uthengawo ndi wobwereza.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti, nanga seva ikagwa nambala italembedwa koma oda isanasinthidwe? Wobwereza adzakanidwa, malipirowo n'kusowa. Kodi kuika zonse ziwiri mu transaction imodzi n'kokwanira? Nanga imelo ija, yomwe ROLLBACK singaibweze, mumaituma nthawi yanji? Amene munakumanapo nazo, chonde ndithandizeni.