Funso: kodi thiyoremu ya Rice ikugwira ntchito pa makina olemba 1 pa tepi?

Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha thandizo pa thiyoremu ya Rice, ya mu 1953 ija. Monga ndikuimvera, ngati khalidwe likudalira L(M) yokha, ndipo makina ena a Turing ali nalo pomwe ena alibe, palibe aligorizimu yoweruza molondola nthawi zonse kuti makina awa ali nalo kapena ayi.

Pa funso lakuti "kodi L(M) ili ndi mawu 01?" umboni ukuyenda bwino. Ndikutenga T wovomera 01, kenako ndikupanga N motere: ikalandira x, iyambe yayendetsa M pa w, ndipo M akavomera, iyendetse T pa x. Choncho L(N) = L(T) ngati M avomera w, apo ayi L(N) = ∅. Wotha kuweruza khalidweli akanathanso kuweruza ngati M avomera w, zomwe n'zosatheka.

Pandikanika ndi apa: "kodi M, atayamba pa tepi yopanda kanthu, adzalembapo chizindikiro 1?" Ndayesa njira yomweyo koma ikugwa, chifukwa makina awiri angakhale ndi L(M) imodzimodzi, wina n'kulemba 1 panjira, wina osalemba. Ndayesanso kuliyika pamodzi ndi "kodi M aima masitepe 100 asanakwane?", koma ilo limatheka pongoyendetsa M n'kumawerenga, pomwe langali lilibe malire a masitepe.

Maganizo anga ndi akuti ndisinthe 1 aliyense wa M akhale chizindikiro chatsopano, kenako M azilemba 1 pokhapokha akamaima. Kodi umenewu ndi umboni wokwanira popanda Rice? Kapena pali njira yolikonzera funsoli kuti likhale la L(M)?