Mwana wanga alemba GCSE kuno ku Mangalande, kodi dikishonale amaloleza?

Wofunsa: Abale anga thandizeni. Mtsikana wanga anabwera chaka chatha atamaliza Fomu 2 kumudzi, pano ali kalasi yolemba GCSE. Masamu amawatha, koma pa mayeso oyeserera anasiya funso lonse chifukwa cha liwu limodzi. Titaliona kunyumba, linali longotanthauza mpanda wa maluwa, ankangofuna kutalika kozungulira dimba. Analira mwanayu. Kodi angalowe ndi dikishonale? Nanga liwu likamuthawa, atalemba m'Chichewa angamuchongere?

Bambo wina: Mayi, musamupatse chiyembekezo. Ife pa MSCE ngakhale kapepala m'thumba kanali mlandu. Mayeso ndi mayeso kulikonse.

Mphunzitsi: Achimwene, amenewo ndi malamulo a MANEB. Kuno amatsata a JCQ, bungwe loika malamulo a mayeso, ndipo dikishonale ya zinenero ziwiri imaloledwa pa masamu ndi sayansi ngati Chingerezi si chinenero chake chobadwa nacho. Pa Chingerezi penipeni ayi, pa mbiri, jogalafe ndi maphunziro a zipembedzonso ayi, chifukwa kumeneko amachonganso kalembedwe ka mawu. Mayi, chachikulu ndi ichi: ikhale yomwe amagwiritsa kale ntchito m'kalasi, osati kutulukira nayo tsiku la mayeso. Pitani sabata ino kwa woyang'anira mayeso pasukulupo. Mapepala samasuliridwa, ndipo yankho la m'Chichewa silichongedwa.

Mayi wina: Wa mnzanga anamuwonjezeranso nthawi, 25 pa 100 iliyonse. Aliyense amene sanakwanitse zaka 3 kuno amapatsidwa, kapempheni.

Mphunzitsi: Zaka 3 n'zoona asisi, koma si aliyense. Nthawiyo ndi ya mwana amene anafika asanaphunzirepo m'Chingerezi, ndipo kunyumba sachilankhula. Amene wadutsa sekondale ya kwathu, komwe maphunziro ndi a m'Chingerezi, n'kovuta kuti amuvomere.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi. Ndili nayo yaikulu ija ya Chichewa ndi Chingerezi, ndinagula ku Lilongwe. Imeneyo ikhoza?

Mphunzitsi: Apo ndiye pali vuto. Amafuna yongoika liwu ndi mnzake, yopanda zithunzi, yosafotokozera tanthauzo. Ngati yanuyo ili ndi ziganizo za zitsanzo akhoza kuikana. Itengeni akaione okha. Muivundukulenso tsamba ndi tsamba, akapeza polembedwa ndi pensulo amati wabera.

Mnyamata wina: Ine ndinaloledwa ya chinenero china, koma kunena zoona inandidyera nthawi. Kusaka liwu limodzi mphindi ziwiri, pepala la ola ndi theka. Pofika pepala lachitatu ndinkangoisiya pa desiki. Ayambe kuyeserera nayo panopa ndi mapepala akale, wotchi ili patsogolo.

Wofunsa: Ndaitsegula, zitsanzo zilimo pafupifupi tsamba lililonse. Alipo amene anapezapo yaing'ono ya Chichewa yongomasulira liwu ndi liwu? Ndipita kusukuluko Lachiwiri.