Gulu la Banja: Zitenje za ukwati, ndi amene sapitanso yekha ku Mbeya

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ukwati wa mzime wathu watsala ndi masabata 7, nsalu ya yunifolomu sitinagule. Azakhali, mayina afika angati?

Azakhali a ku Malindi: Amayi 45, abambo 12. Amene sanalembetse asadzandilirire pa tsikulo.

Mlamu: Ku Mbeya nsalu amagulitsa ya mayadi 6. Imodzi imatuluka zitenje zitatu, ndiye amayi 45 ndi nsalu 15. Malaya a bambo mmodzi tiwerengere mayadi awiri, abambo 12 ndi nsalu 4. Zonse 19. Tigule 20, telala salephera kudula molakwa.

Achemwali a ku Namiasi: Nanga bwanji osangogula pa boma pompano?

Mlamu: Ndinazungulira msika wonse Loweruka. Maluwa amene mkwatibwi anasankha alipo, koma nsalu 6 zokha. Kwina ndinapeza zofananako, mtundu wake wotuwa. Pa chithunzi tidzaoneka ngati mabanja awiri.

Achimwene aakulu: Ndiye munthu apite ku Mbeya. Ndani ali ndi mpata?

Malume a ku Namwera: Ine ndilipo. Njira ndikuidziwa. Salima, Nkhotakota, Mzuzu, Karonga, kuoloka Songwe, basi wafika.

Azakhali a ku Malindi: Achimwene, njira yopita mukuidziwadi. Yothawira mukuidziwa koposa.

Achemwali a ku Namiasi: Azakhali mwayambatu!

Mzime: Yothawira chiyani? Ine nkhani imeneyi sindikuidziwa.

Malume a ku Namwera: Zakale zimenezo, za 2019. Tikambe za nsalu.

Azakhali a ku Malindi: Ndalama za anthu 57 sizingapite tisanakambe. Fotokozani nokha, mukapanda kutero ndifotokoza ine, ndipo ine ndimathira mchere.

Malume a ku Namwera: Chabwino. Koma mumve mbali yanga. Ndinaoloka mlatho wa Songwe masana, ndinasintha ndalama pa Kasumulu, ndinakwera minibasi yodzera ku Tukuyu. Kumeneko kuzizira ngati ku Dedza, nthochi mbali zonse za msewu. Pofika mu Mbeya kunja kutada, mvula ikuwaza. Ndalama zonse za mpunga umene ndinagulitsa chaka chimenecho zinali mu sokosi. Munthu amene ali ndi ndalama mu sokosi samva bwino, zimenezo muzidziwe.

Mzime: Pitirizani malume.

Malume a ku Namwera: Ndafika pa nyumba yogona alendo pafupi ndi msika wa Mwanjelwa. Patuluka mnyamata, wamtali, mapewa ngati wokoka khoka. Akuti "Shikamoo mzee." Ine ndinamva ngati zikomo, ndiye ndinayankha kuti zikomo nawenso. Anandiyang'ana modabwa.

Mlamu: Pamenepo mwana anakupatsani ulemu waukulu. Shikamoo ndi moni wa wamng'ono kwa wamkulu, ndipo wamkulu amayankha kuti "Marahaba." Inu munamubwezera ngati ndinu mwana mnzake.

Malume a ku Namwera: Zimenezo ndinazidziwa mochedwa. Kenaka wagwira chikwama changa, akuti "Naomba nikusaidie." Ine khutu langa linatola mawu amodzi okha: naomba. Ndinati mwina ndamva molakwa. Ndakakamira chikwama, iye akukoka, mvula ikukula. Ndiye anakweza mawu, akuloza chitseko: "Nakuomba mzee, ndani!"

Achemwali a ku Namiasi: Mayo ine!

Malume a ku Namwera: Tsono inu mukanamva chiyani? Munthu wagwira katundu wako usiku, dziko la eni, akukuuza poyera kuti nakuomba. Kwathu kuno chimene chimaombedwa ndi mbama kapena mfuti. Ndinamufunsa mwaukali kuti, "Uomba ndani? Ine?" Iye kumva ndani, nkhope yonse kuwala, akugwedeza mutu: "Ndiyo, ndiyo, ndani!"

Mzime: Ndagwetsa foni. Mlamu tamasulirani, ndikufa.

Mlamu: M'Chiswahili kuomba ndi kupempha. Anthu a ku Tanzania ndiye mawu amenewa sachoka pakamwa pawo. Ngakhale akugula ndi ndalama zawo amati "naomba chai", ngati akupempha tiyi waulere. Kondakitala wofuna tikiti amathanso kunena kuti "naomba tiketi". Ndiye "naomba nikusaidie" ndi kuti ndiloleni ndikuthandizeni. "Nakuomba" ndi kuti chonde ndikukupemphani. Ndipo ndani kwa iwo si funso, ndi m'kati. Wofunsa kuti ndani amati "nani". Mwanayo amati chonde agogo lowani m'nyumba, mukunyowa. Malume pobwereza kuti ndani, iye anasangalala kuti mkuluyu tsopano wamva.

Malume a ku Namwera: Ine ndinamva kuti wavomera kuti woombedwayo ndine.

Azakhali a ku Malindi: Nenani za liwiro.

Malume a ku Namwera: Ndinasiya chikwama. Munali zovala ndi usipa wouma umene ndinatengera mnzanga, ndinati zipite, ndalama zili kuphazi. Ndinaliyatsa kulowera kumene kunali magetsi. Kucheuka, mnyamata uja ali pambuyo, chikwama pamutu, akufuula kuti "Mzee! Nakuomba! Simama!"

Mlamu: Simama ndi kuti imani.

Malume a ku Namwera: Kwa ine zinamveka kuti sindine mama wake, ndiye sandimvera chisoni.

Achimwene aakulu: Malume apa ndiye mwawonjezera. Chaka chatha mbali imeneyi kunalibe.

Malume a ku Namwera: Ndimakumbukira pang'onopang'ono. Tsono ndinayamba kukuwa kuti "Wakuba! Wakuba!" Panali abambo atakhala pakhonde la sitolo akumwa khofi. M'malo mothamangitsa mnyamatayo, anaimirira mwaulemu, wina mpaka kundikokera mpando.

Mlamu: Iwo anamva "wakubwa", ndiye kuti akuluakulu. Anaganiza kuti mlendo akuwapatsa moni, kungoti moni wake ndi wothamanga. Koma apa tisaseke kwambiri. Mwayi unali woti malume sankadziwa mawu akuti "mwizi". Amenewo ndiwo wakuba, ndipo ukawafuula pafupi ndi msika, mnyamata akuthamanga ndi chikwama cha mwini, anthu safunsa kawiri. Mwana wosalakwa akanavulala. Amene apite ulendo uno mawu amenewo awadziwe, koma asawatchule pokhapokha waona ndi maso dzanja lili m'thumba mwake.

Azakhali a ku Malindi: Zoona mlamu. Ine ndimaseka, koma pamenepo mtima umandigunda.

Mzime: Ndiye zinatha bwanji?

Malume a ku Namwera: Ndinakhala pampando paja chifukwa mpweya unatha. Mnyamata wafika, waika chikwama pamapazi anga, akupuma ngati ng'ombe yolima. Aliyense akundiuza kuti "pole, pole mzee". Ine ndikuloza mnyamata, ndikuonetsa ndi manja kuti akufuna kundimenya. Iwo kuona manja, akuganiza kuti ndikupempha madzi osamba. Mwamwayi panali mayi wina wa ku Karonga wogula mbale zogulitsa, anamva Chichewa changa. Atafunsa mbali zonse anakhala pansi m'matope ndi kuseka. Ndiye anandiuza kuti bambo, kuno kuomba ndi kupempha. Mukamva "piga", pamenepo ndiye thawani, kumenya ndi kumeneko.

Mlamu: Mayi ameneyo anakuphunzitsani theka.

Malume a ku Namwera: Ndi theka lomwelo linandipweteka. M'mawa mwake tagwirizana, mnyamata uja wandiperekeza ku msika, wandithandiza kutsitsa mitengo, ndamugulira tiyi ndi chapati. Potsanzikana watulutsa foni, wandikoleka dzanja m'khosi, akuti "Mzee, tupige picha." Ine kumva pige, ndinadumpha ngalande.

Achemwali a ku Namiasi: Ana akundifunsa kuti amayi mukulira chiyani.

Mlamu: Piga ndi kumenya, inde, koma amamenya zinthu zambiri. Kupiga picha ndi kujambula chithunzi, kupiga simu ndi kuimba foni, kupiga pasi ndi kusita zovala. Umvetsere mawu otsatirawo. Akati "nitakupigia" ndiye kuti ndidzakuimbira. Akati "nitakupiga", popanda kanthu kotsatira, pamenepo ndiye muvule nsapato.

Malume a ku Namwera: Chithunzicho chilipo. Ndikuoneka mwendo umodzi wokha.

Achimwene aakulu: Tibwerere ku nsalu. Maganizo anga ndi awa: apite mlamu chifukwa cha chilankhulo, koma asapite yekha ndi ndalama za anthu.

Azakhali a ku Malindi: Apite ndi mkazi wake. Maluwa a nsalu amuna saona bwino, adzatibweretsera makatani.

Malume a ku Namwera: Nanga ine? Mnyamata uja nambala yake ndili nayo, amandiimbira pa Idi chaka chilichonse. Masitolo a nsalu amawadziwa onse. Wogulitsa akaona mlendo amakweza mtengo, akaona iye amatsitsa.

Mlamu: Apo malume anena zoona, munthu wa pamalopo amathandiza. Nditumizireni nambalayo kumbali. Koma popangana naye nthawi ndilankhule ndine. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye akati "saa mbili asubuhi" si 2 koloko, ndi 8 koloko m'mawa. Komanso wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, kwathu ikhala ili 7.

Malume a ku Namwera: Ndiye chifukwa chake basi yobwerera inandisiya?

Azakhali a ku Malindi: Achimwene! Munatiuza kuti inawonongeka!

Achimwene aakulu: Imeneyo tidzaimva pa chinkhoswe. Zopereka zifike kwa azakhali pofika Lachisanu pa 14, aliyense atumize pa foni ndi dzina lake, osati "ndi ine". Mlamu ndi achemwali anyamuke Lolemba lotsatira. Mzime, dula kachidutswa ka nsalu ija uwapatse, chithunzi cha pa foni chimanamiza mtundu.

Mzime: Ndidula mawa. Koma ine pempho langa ndi loti malume apite nawo. Yapaulendo yawo ndilipira ndekha.

Achemwali a ku Namiasi: Ukufuna nkhani ina yoti idzakambidwe pa ukwati wako iwe.

Malume a ku Namwera: Mwana uyu ndiye wandilemekeza. Achimwene aakulu, azakhali ake, nonse: nawaomba.

Azakhali a ku Malindi: Ombani, koma ndalama asunge mlamu. Inu munyamule usipa wa mnyamata uja.