Mapepala osikana akukana kufufuzika

Mlembi wa pasukulu, Ulongwe: Akuluakulu, thandizeni. Tinasikana makalata akale a muofesi, a Chipwitikizi okhaokha, n'kuwadutsitsa mu OCRmyPDF, pulogalamu yozindikira zilembo pa masamba osikana, kuti tizitha kufufuzamo. Ndikalemba dzina la mwana likupezeka, koma ndikalemba declaração palibe chikutuluka, chonsecho mawuwo ndikuwaona pamwamba pa tsamba.

Wa fotokope, Zobue: Achimwene, sikani yanu yachepa mphamvu. Bwerezani pa 600 dpi.

Mayi wa makompyuta, Tete: Asabwereze msanga. Mawu otayipa amawerengeka bwino pa 300 dpi, ndipo 600 ingonenepetsa fayilo. Poti mayina akupezeka, ine ndikukayikira chilankhulo. OCRmyPDF imawerenga pogwiritsa pulogalamu ina yotchedwa Tesseract, ndipo mukapanda kuiuza imayesa kuti zonse ndi Chingerezi. Ikafika pa ç ndi ã imangoika chilembo chofanana nacho, kapena zinyalala. Inu mukuona chithunzi cha pepala, koma kompyuta ikufufuza m'mawu obisika kuseri kwa chithunzicho. Koperani mzerewo, muumate mu Notepad, mutiuze chatuluka.

Mlembi: Amayi, kwatuluka Declaragao. Ç yasanduka g!

Mayi wa makompyuta: Ndi pomwepo. Ikani Chipwitikizi, muwerengetsenso:

```
sudo apt install tesseract-ocr-por
ocrmypdf -l por --deskew yakale.pdf yatsopano.pdf
```

Gwiritsani fayilo yoyambirira ija, yosadutsa m'pulogalamu. `--deskew` imawongola masamba opendekera, chifukwa mzere ukapendekera zilembo zimasokonekera.

Mphunzitsi, Tsangano: Bwanji osangosandutsa Word? Ine mayeso ndimatero.

Mlembi: Ayi aphunzitsi, makalatawa ali ndi zidindo ndi masaini. Tsamba likhale mmene lilili, mawu okha awonjezeke kuseri. Tilinso ndi mnzathu wosaona amene kompyuta imamuwerengera mokweza, ndipo Declaragao ameneyu amumvetsa zachilendo. Koma amayi, yoyambirira ija tinaifufuta, ndipo iyi yakana, akuti page already has text.

Mayi wa makompyuta: Yaona mawu olakwika aja. Musaike `--skip-text`, imeneyo ingolumpha masamba onse okhala ndi mawu, zolakwika n'kukhala momwemo. Ikani `--redo-ocr`, imachotsa mawu obisika akale n'kuwerenganso. Koma siyendera limodzi ndi `--deskew`. Ngati masamba apendekera kwambiri, ikani `--force-ocr`, imene imasandutsa tsamba lonse chithunzi n'kuyambiranso, pamodzi ndi `--deskew`.

Mlembi: Ndaika `--redo-ocr`, declaração yapezeka. Koma pamene chidindo chinagwera pa deti patuluka zosamveka.

Wa fotokope: Mapepala ofufuma ngati amenewo ndiye ndimanena ine. Mukasikana zakuda ndi zoyera zokha, chidindo ndi zilembo zimaphatikana. Sikanani motuwa kapena mwamtundu.

Mayi wa makompyuta: Apo mwalasa, masamba amenewo okha abwerezedwe. Zolemba pamanja musaziyembekezere, Tesseract sizitha bwino.

Mphunzitsi: Nanga makalata a Chichewa a makolo aja?

Mayi wa makompyuta: Tesseract ilibe Chichewa. Ena amaika `-l swa`, Chiswahili, poti zilembo n'zofanana, koma ŵ ndi ng' muzizionetsetsa nokha. Amene anayerekezapo `swa` ndi `por` pa tsamba limodzi la Chichewa atiuze imene inalakwitsa pang'ono.