Kanema wa ku Mangochi wandivuta kusankha liwiro

Akuluakulu odziwa zojambula makanema, ndili ku Mangochi ndipo ndikulemba malangizo oti ndipatse wojambula, koma ndasokonezeka pa zithunzi zingati zijambulidwe pa sekondi. Ndikumvetsa kuti msodzi woponya ukonde panyanja ya Malombe akajambulidwa pa 120fps, kutanthauza zithunzi 120 pa sekondi, n'kuonetsedwa pa 30fps, kuyenda kwake kumachepa kanayi, moti ukonde umatambasuka pang'onopang'ono ndipo madontho a madzi amaoneka limodzi limodzi.

Vuto langa lili pa mlatho wa Bakili Muluzi. Ndinayesa Time-lapse, kamera itaima malo amodzi, chithunzi chimodzi pa masekondi 5 aliwonse kwa mphindi 25, ndipo ndinapeza zithunzi 300, kanema wa masekondi 10. Mitambo inayenda bwino, koma akabaza ankangotulukira n'kuzimiririka ngati kuphethira kwa diso, zomwe zandikhumudwitsa chifukwa iwowo ndiwo mwini nkhani. Kodi ndichepetse mpata ufike sekondi imodzi, kapena kamera izitsegula diso nthawi yaitali kuti njinga zizisiya mizere?

Ndikufunanso Hyperlapse yoyandikira chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria. Popeza pamenepa kamera imasuntha, ndilembe kuti wojambula aziyenda mtunda wotani pakati pa zithunzi, chipilalacho chikhalebe pakati osagwedera?