Ndiike zonse kamodzi kapena ndizigawa mwezi ndi mwezi?

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndalandira ndalama zopumira pantchito ndipo ndikufuna kugula masheya oti ndisawagwire kwa zaka 10. Ndagwira njakata: ndiike zonse lero, kapena ndizigawe magawo 12 ofanana, gawo limodzi mwezi uliwonse?

Masamu a kugawa ndikuwamva. Ndikamaika 1,000 pamwezi, sheya ili pa 10 ndigula masheya 100, ikatsika kufika pa 8 ndigula 125, ikakwera kufika pa 12.5 ndigula 80. Pamodzi ndi masheya 305, pomwe kuika 3,000 kamodzi pa 10 kukanandipatsa 300. Komatu phindu limeneli labwera chifukwa mtengo unayamba watsika. Ukanangokwerabe, woika kamodzi ndiye akanapambana, ine ndalama zina zili phee kubanki, kukwera mitengo kwa zinthu kukuzidya.

Chikundiopsa n'kuika zonse, mawa lake msika n'kugwa. Mtima wangawu ndimaudziwa, ndikhoza kugulitsa mwamantha.

Inu amene munayesapo, ndalama yolipira bulokala, amene amatigulira masheya, pa kugula kulikonse siidya phindu la kugawaku? Nanga kuika theka lero, theka linalo n'kuligawa pa miyezi 6, n'kwanzeru?